Jenereta, sola kapena kubwereka: momwe tidawerengera pempho la manijala wa butchala ku Chilenje

Alamu anga ndi manijala pa butchala ina ku Chilenje. Butchalayo si yawo, mwini wake ndi mayi wina amene ali ndi mabizinesi atatu mu Lusaka muno, ndipo chinthu chilichonse chodutsa K20,000 amafuna achione papepala chisanagulidwe. Tsiku lina Loweruka alamuwo adandipeza kunyumba ali ndi mapepala awiri m'manja. "Alamu, inu mumadziwa za maakawunti, tandionereniko kalata iyi ndisanaipereke kwa amayi." Kalatayo inali yopempha jenereta, ndipo mmunsi mwake adalemba kuti ndalama zogulira zidzabwerera m'miyezi itatu basi.

Nditaona miyezi itatuyo ndidadziwa kuti pali pena palakwika. Makina amene amabweza ndalama zake m'miyezi itatu, aliyense akadawagula kalekale. Tidakhala pansi mpaka dzuwa kulowa, ndipo zomwe tidapeza ndi zomwe ndikufuna kufotokoza pano. Manambala onse ndawazungulitsa kuti awerengeke mosavuta, ndipo mitengo ya zipangizo imasintha ndi dola, choncho mutenge njira yowerengera, mitengo mukafunse nokha kwa ogulitsa.

Vuto lawo tonse tikulidziwa. Magetsi athu ambiri amachokera m'madzi, ku Kariba, ku Kafue Gorge ndi ku Itezhi-Tezhi. Chilala cha 2024 chitagwa, ZESCO idayamba kuzimitsa malaiti maola 8 patsiku m'mwezi wa Marichi, ndipo pofika Seputembala madera ambiri ankangoona malaiti maola atatu okha. Kwa munthu wogulitsa nyama zimenezi si nkhani ya mdima chabe. Butchala ya alamu anga ili ndi chipinda choziziritsira nyama, chomwe onse amangochitcha kodirumu, mafiriza atatu, makina odulira mafupa ndi makina a minsi. Malaiti akapita, zonsezi zimaima.

Choyamba ndi kudziwa zomwe mukutaya panopa

Phindu la jenereta kapena sola pa butchala si ndalama zatsopano zolowa. Ndi ndalama zomwe zikutayika lero zomwe zidzaleke kutayika. Choncho nambala yoyamba mu kalata yotere ndi mtengo wongokhala osagula kanthu, ndipo iyenera kuchokera m'mabuku osati m'mutu.

Tidatsegula buku lomwe amalembamo nyama yotayidwa kapena yogulitsidwa motchipa chifukwa yasintha mtundu, tidatenga miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pa mwezi inkakwana K9,000. Malisiti a ayisi wa mabuloko amene ankagula kuti apulumutse mafiriza ankakwana K4,500 pa mwezi. Chachitatu chinali malonda othawa: kasitomala akufuna minsi kapena nyama yodula ndi mafupa, makina sakuyenda, iye nkupita kwina. Poyerekeza masiku a malaiti ndi masiku opanda malaiti, malonda othawawo ankakwana K32,500 pa mwezi.

Apa ndi pomwe alamu anga adapunthwa. Adaphatikiza K9,000, K4,500 ndi K32,500 nkupeza K46,000, ndipo adagawa mtengo wa jenereta ndi nambala imeneyi. Koma K32,500 si phindu. Kuti mugulitse nyama ya K32,500 muyenera kuyamba mwaigula kwa oweta kapena kophera ng'ombe. Butchala yawo pa K100 iliyonse ya malonda imatsala ndi K20, ndiye pa K32,500 chotayika chenicheni ndi K6,500. Tikaphatikiza bwino, kungokhala kumawadyera K20,000 pa mwezi, osati K46,000. Cholakwa chimenechi ndachiona m'makalata ambiri, ndipo mwini bizinesi aliyense amene amadziwa mabuku ake amachigwira msanga. Akachigwira, zina zonse zomwe mwalemba amasiya kuzikhulupirira, ngakhale zoona.

Cholakwa chachiwiri chinali choti sadachotsepo mafuta. Jenereta ikayamba kulira imamwa dizilo, ndipo dizilo sagulidwa ndi mawu.

Jenereta ya dizilo

Butchalayo ikamayenda bwino imakoka pafupifupi makilowati 4. Munthu angaganize kuti jenereta yaing'ono ya 5 kVA, womwe ndi muyezo wa mphamvu ya jenereta, ikwanira, koma kompulesa ya kodirumu ikamadzuka imakoka mphamvu kangapo kuposa yomwe imakoka ikakhazikika, ndipo jenereta yaing'ono imatsamwa kapena kuzima kumene. Alamu anga adali kale ndi kajenereta ka petulo komwe adakagula K18,000, ndipo kankangoyatsa mababu ndi sikelo. Wamagetsi atayeza adati pakufunika ya 15 kVA, ya mafezi atatu, kutanthauza mawaya atatu amoto, chifukwa kompulesayo ndi ya mafezi atatu. Mfundo imeneyi muitsimikize musanafunse koteshoni, poti jenereta ya fezi imodzi, kaya ikhale yaikulu bwanji, siyendetsa makina a mafezi atatu.

Koteshoni idati K120,000, msonkho wa VAT wa 16 peresenti uli momwemo. Koma jenereta siigwira ntchito ili pa lole. Pafunika swichi yosinthira pakati pa ZESCO ndi jenereta, mawaya, kasimenti koikhazikapo, kakhola kachitsulo koti akuba asatenge batire yake, ndi malipiro a wamagetsi. Zonsezi zidakwana K25,000. Mtengo wolembedwa mu kalata uyenera kukhala K145,000, ndalama zonse zotuluka mpaka tsiku lomwe makina ayamba kugwira ntchito.

Tsopano mafuta. Jenereta yotere, ponyamula katundu wa makilowati 4, tidaiwerengera malita awiri pa ola. Dizilo tidamuika pa K30 lita, podziwa kuti bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi la ERB limalengeza mitengo ya mafuta mwezi ndi mwezi ndipo imakwera nkutsika. Ikalira maola onse 8 amdima, pa mwezi ndi maola 240, malita 480, ndalama K14,400. Kuwonjezera apo, pa maola 250 alionse imafuna kusintha oyilo ndi mafyuluta, zomwe tidaziika pa K1,650. Zonse pamodzi ndi pafupifupi K16,000 pa mwezi kuti mupulumutse K20,000. Chotsala ndi K4,000, ndipo K145,000 mukaigawa ndi K4,000 mupeza miyezi 36. Alamu anga nkhope idagwa.

Komatu sikofunika kuti ilire maola onse. Kodirumu yotsekedwa bwino, yokhala ndi mphira wabwino pachitseko, imasunga kuzizira kwa maola angapo, ndipo firiza yodzaza imapirira kuposa pamenepo bola anthu asamangoitsegula. Tidagwirizana kuti jenereta izilira maola 5 mwa 8, makamaka nthawi ya makasitomala ndiponso kuzizira kukayamba kuchepa, zomwe zimafuna kuti munthu aziyang'ana chipangizo choyezera kuzizira ndi kulemba. Pamenepo ndi maola 150 pa mwezi, malita 300, dizilo wa K9,000 ndi sevisi ya K1,000. Zotuluka K10,000, zopulumuka K20,000, chotsala K10,000 pa mwezi.

Nthawi yobweza ndalama, yomwe a maakawunti timaitcha pebaki, imapezeka pogawa ndalama zonse zogulira ndi chotsala cha pa mwezi. Pano ndi K145,000 kugawa ndi K10,000, zomwe zikupereka miyezi 14 ndi theka. Onani kuti makina ndi omwewo, koma kayendetsedwe kokha kasuntha yankho kuchoka pa miyezi 36 kufika pa 14 ndi theka. Nchifukwa chake kalata iyenera kunena poyera kuti mwawerengera maola angati, apo ayi anyamata a pashopu adzaisiya ikulira usiku wonse ndipo amayi adzafunsa komwe phindu lolonjezedwa lija lapita.

Za K18,000 ya kajenereta kakale alamu anga ankafuna kuziika mu kalata, kuti amayi aone kuti ndalama zidalowa kale ndiye tipitirize. Ndidawaletsa. Ndalama zomwe zidapita sizibwerera kaya musankhe njira iti, choncho sizilowa m'chiwerengero. Chomwe chingalowe ndi ndalama zomwe mungapeze mukakagulitsa lero.

Sola ndi mabatire

Njira iyi alamu anga sadaiganizire nkomwe chifukwa mtengo wake umaopsa. Ndidawauza kuti kalata yokhala ndi njira imodzi yokha imaoneka ngati munthu wasankha kale ndipo akungofuna siginecha. Tidafunsa koteshoni: mapanelo okwana makilowati 10, inveta, chipangizo chosintha magetsi a mapanelo ndi mabatire kuti ayendetse makina, ya mafezi atatu yotha kulandira magetsi a dzuwa ndi a ZESCO omwe, ndi mabatire a lifiyamu osunga mayuniti 20. Zipangizo K380,000, kuika ndi kulimbitsa denga K40,000, zonse K420,000. Ndi pafupifupi majenereta atatu.

Masana sola imanyamula butchala yonse popanda vuto, makamaka kuyambira Meyi mpaka Okutobala pomwe kumwamba kumakhala koyera. Funso lili pa usiku. Mabatire a mayuniti 20 simuwakhuthula onse, mumagwiritsa ntchito pafupifupi 18. Usiku zitseko zikakhala zotseka ndipo makina odulira ali chete, butchala imakoka pafupifupi makilowati awiri ndi theka, ndiye mabatirewo amafika maola 7. Malaiti akapita usiku wonse kutatsatizana masiku a mitambo mu Januwale kapena Febuluwale, pena padzaperewera. Chifukwa cha ichi sitidalembe kuti sola ipulumutsa K20,000 yonse, tidalemba K18,000.

Sola ili ndi phindu lina lomwe jenereta ilibe: imagwira ntchito ngakhale tsiku lomwe malaiti alipo, ndiye mayuniti ogula ku ZESCO amachepa. Tidawerengera K2,500 pa mwezi. Zotuluka zake ndi zochepa, kutsuka fumbi pa mapanelo ndi kuwonjezera pa inshuwalansi, K500. Chotsala ndi K20,000 pa mwezi, ndipo K420,000 kugawa ndi K20,000 ndi miyezi 21.

Kubwereka

Njira yachitatu ndi kuchita lendi jenereta. Kampani ina idati K7,000 pa mwezi, sevisi ndi yawo, dizilo ndi wanu. Dizilo wa K9,000 ndi lendi ya K7,000 ndi K16,000, chotsala K4,000 pa mwezi. Pano palibe pebaki yowerengera popeza palibe ndalama zazikulu zomwe mwatulutsa, kupatula za swichi ngati eni jenereta sabwera nayo. Phindu ndi lochepa, koma tsiku lomwe malaiti akhazikika mumangoimba foni kuti adzatenge katundu wawo. Vuto lake nlakuti nthawi yomwe inu mukuifuna kwambiri ndi yomwe Lusaka yonse ikuifunanso, ndipo lendi imakwera.

Jenereta yogwiritsidwa kale ntchito tidaitchula mzere umodzi wokha. Idalipo ya K70,000, koma kawotchi kake kowerenga maola kadali kakufa ndipo wogulitsa adalibe buku la sevisi. Makina osadziwika msinkhu simungawawerengere zaka zomwe atsala nazo.

Pebaki ikuti jenereta, zaka zisanu zikuti sola

Tikangoyang'ana nthawi yobweza ndalama, jenereta yapambana: miyezi 14 ndi theka pomwe sola ndi 21. Eni mabizinesi ambiri amaikonda nambala imeneyi, ndipo sindiwadzudzula. Imayankha funso lomwe limawasowetsa tulo, loti ndalama zanga zikhala panja nthawi yaitali bwanji. Koma pebaki imasiya kuona tsiku lomwe ndalama zabwerera. Zomwe makina adzachite pambuyo pake siziwerenga.

Ndiye tidayala zaka zisanu, miyezi 60. Jenereta imabweretsa K10,000 kuchulukitsa ndi 60, K600,000. Tichotsepo K145,000 yogulira, tichotsenso K35,000 yokonzera injini kwakukulu chifukwa pofika pamenepo idzakhala italira maola 9,000. Chotsala K420,000. Sola imabweretsa K20,000 kuchulukitsa ndi 60, K1,200,000, kuchotsa K420,000, chotsala K780,000, ndipo mapanelo amakhala akadali ndi zaka zambiri kutsogolo, ngakhale mabatire ndi inveta adzafuna kusinthidwa mapanelo asanatope. Kubwereka kumabweretsa K240,000. Kuyeza mtengo ndi phindu pa moyo wa makina kwatembenuza mndandanda: yomwe imachedwa kubweza ndiyo imasiya zambiri m'thumba.

Wina angafunse za kutsika mtengo kwa makina komwe timalemba m'mabuku chaka ndi chaka. Kumeneko sikulowa pano. Ndalama zidatuluka kamodzi tsiku logula, ndipo tazichotsa kale. Mukazichotsanso mwezi ndi mwezi ndiye kuti mwalipira jenereta kawiri papepala.

Nambala yomwe yanyamula zonse

Chiwerengero chonsechi chaima pa mwendo umodzi: maola 8 amdima tsiku lililonse kwa zaka zisanu. Amene takhala mu Lusaka tikudziwa kuti sizikhala choncho. Mu 2015 malaiti adavuta, kenako zinthu zidakhalako bwino, mu 2019 adavutanso, ndipo 2024 idaposa zonse. Mvula ikagwa bwino kumtunda kwa Zambezi, Kariba amadzaza ndipo anthu amaiwala majenereta awo kuseri kwa nyumba. Kalata yabwino iyenera kuonetsa zomwe zichitike maola akachepa ndiponso akachuluka. Apa ndi pomwe tidakhalitsa.

Tiyerekeze kuti malaiti akungopita maola awiri patsiku. Nyama siwonongeka m'maola awiri, ayisi safunika, chotayika ndi malonda ochepa okha, tinene K3,000 pa mwezi. Jenereta ikalira maola 40 pa mwezi imadya K2,400 ya dizilo ndi K300 ya sevisi. Chotsala K300. Pa liwiro limenelo K145,000 siidzabwerera jenereta isanachite dzimbiri. Sola imapulumutsa K3,000 yomweyo, koma popeza malaiti alipo nthawi yambiri, mphamvu ya dzuwa yochuluka imapita kukachepetsa mayuniti ogula, tinene K3,500. Kuchotsa K500, chotsala K6,000, pebaki miyezi 70. Ndi yaitali, koma ikubwerabe. Wobwereka uja amangobweza jenereta nkupuma.

Tiyerekezenso chaka choipa, maola 17 amdima. Chotayika chimalumpha kufika K45,000 chifukwa tsopano kodirumu siipezanso mpata wozizira. Jenereta iyenera kulira maola 11 patsiku, maola 330 pa mwezi, dizilo wa K19,800 ndi sevisi ya K2,200. Chotsala K23,000, ndipo ndalama zimabwerera m'miyezi 6 ndi masiku ochepa. Sola imanyamula masana koma mabatire amaperewera mbandakucha, ndiye tidaiwerengera K36,000 yopulumuka ndi K1,000 yokha ya mayuniti, kuchotsa K500. Chotsala K36,500, miyezi 11 ndi theka.

Mukayang'ana manambala atatuwa muona khalidwe la chida chilichonse. Jenereta ili ngati inshuwalansi: chaka choipa imakupulumutsani msanga, chaka chabwino imangokhala. Sola imagwira ntchito chaka chilichonse, koma mwamangirira ndalama zambiri padenga. Mwini bizinesi akaona zimenezi amatha kusankha yekha kuti akuopa chiyani kwambiri, mdima kapena kusowa ndalama zogulira ng'ombe. Mukangomupatsa nambala imodzi mwamubisira chisankho chomwe chili chake.

Mabatire ndi inveta popanda mapanelo tidaziganizirako nkuzisiya pompano. Pa maola 8 zimagwira, koma pa maola 17 mabatire amatha malaiti asanabwere, ndiye zimakusiyani tsiku lomwe mwazifunitsitsa.

Ndalama zogulira zichokera kuti

Pebaki yomwe tawerenga pamwambapa imaganiza ngati ndalama zilibe mtengo. Zikakhala za ngongole ya kubanki, zili nawo, ndipo kuno ndi wokwera. Tidawerengera chiwongoladzanja cha 28 peresenti pachaka, ngongole ya zaka zitatu. Mu Excel kapena Google Sheets mumalemba motere kuti muone zolipira pa mwezi, ndiponso miyezi yomwe chotsala chija chingatenge kuti chimalize ngongole pamodzi ndi chiwongoladzanja chake:

```
=PMT(28%/12,36,-420000)
=NPER(28%/12,-20000,420000)
```

Mzere woyamba ukupereka pafupifupi K17,400 pa mwezi. Sola ikubweretsa K20,000, ndiye pa maola 8 mukutsala ndi K2,600 yokha mpaka ngongole ithe. Malaiti akakhazikika nkumangopita maola awiri, sola ikubweretsa K6,000 pomwe banki ikufunabe K17,400 yake, ndipo K11,400 yotsalayo ichokera mu ndalama zogulira nyama mwezi uliwonse. Mzere wachiwiri ukupereka miyezi 29, osati 21 ija. Mukaika manambala a jenereta, zolipira ndi pafupifupi K6,000 pa mwezi ndipo miyezi ndi 18 m'malo mwa 14 ndi theka. Chiwongoladzanja chimaluma kwambiri chida chodula chomwe chimabweza pang'onopang'ono.

Ngakhale ndalama zikhale za m'thumba la amayi, funso silitha. K420,000 pa butchala ndi ng'ombe zambiri, ndipo ndalama za nyama zimazungulira kangapo pa mwezi. Ngati kugula sola kuchititsa kuti kodirumu ikhale yozizira bwino koma yopanda kanthu mkati, palibe chomwe mwapindula.

Chinanso choyang'ana pa koteshoni ndi tsiku lomwe ithera mphamvu, ndiponso ngati mtengo walembedwa m'makwacha kapena wamangiriridwa ku dola. Zipangizo zonsezi zimachokera kunja. Kalata ikakhala pa tebulo la abwana milungu isanu ndi umodzi, mtengo womwe mudalemba ukhoza kukhala utapita.

Chomwe chidagamula

Tili pafupi kumaliza, ine ndikupendekera ku sola chifukwa cha K780,000 ija, ndidafunsa funso lomwe ndikadayenera kuyamba nalo. "Kodi alamu, nyumba ya butchalayi ndi ya amayi?" Adati ayi, ndi ya lendi, ndipo pangano latsala ndi zaka ziwiri. Mwini nyumba adali asananene ngati adzawonjezera.

Miyezi 24. Sola ya ngongole imafuna miyezi 29, ya ndalama za m'thumba 21, ndipo zonsezo ndi pa maola 8 osasintha. Mapanelo amatha kuchotsedwa nkukaikidwa kwina, koma K40,000 yoikira ndi kulimbitsa denga la eni imatsala pomwepo, mudzalipiranso kwinako, ndipo simudziwa ngati denga latsopanolo lidzakhala ndi malo kapena lidzakhala pamthunzi wa nyumba ina. Pafunikanso chilolezo cha mwini nyumba musanaboole malata ake. Jenereta mumaikweza pa lole tsiku limodzi, ndipo ogula majenereta akale mu Lusaka sasowa. Zaka zisanu zomwe tidawerengera sola zinali zaka zomwe butchalayo ilibe chitsimikizo choti idzakhala pamalopo.

Maganizo anga, kwa amene ali ndi butchala kapena shopu ya mafiriza yofanana ndi iyi, ndi awa. Ngati nyumba ndi yanu ndipo ndalama zilipo popanda kukhudza zogulira katundu, sola ndiyo yabwino, ndipo pebaki yake yaitali isakuopseni. Ngati muli pa lendi yaifupi kapena mudalira ngongole ya chiwongoladzanja chotere, jenereta yoyendetsedwa mosamala ndiyo yoyenera. Kubwereka ndi kwa munthu amene akufuna kungowoloka miyezi itatu kapena inayi yoipa, kapena amene akufuna ayambe wayeza malita enieni pa ola asanagule yake.

Kalata yomwe alamu anga adapereka idali ya masamba awiri. Ndime yoyamba idanena chomwe akupempha ndi mtengo wake wonse: jenereta ya dizilo ya 15 kVA, K145,000 pamodzi ndi kuika. Kenako padabwera K20,000 yotayika pa mwezi ndi komwe nambala iliyonse yachokera, njira zitatu zija pa maola 2, 8 ndi 17, chifukwa chomwe sola yasiyidwira pakali pano, ndi dzina la ntchito ya munthu amene azilemba maola ndi malita tsiku lililonse. Makoteshoni atatu ndi masamba a buku la nyama yotayidwa adazimata kumbuyo. Zinthu zosawerengeka ndi ndalama, monga phokoso kwa oyandikana nawo, utsi pafupi ndi chakudya ndi mbiri ya shopu kasitomala akagula nyama yonunkha, adazilemba m'mawu pandime yakeyake osazipatsa mitengo yopeka. Adawonjezera mzere woti wamagetsi aike bolodi yokhala ndi malo a inveta, kuti pangano la nyumba likadzawonjezedwa nkhani ya sola idzayambire pamenepo.

Amayi adaiwerenga alamu anga ataima pomwepo. Akuti adadumpha tsamba loyamba nkupita pa manambala a maola awiri, adaloza K300 ija ndi cholembera nkufunsa kuti, "Ndiye mukundiuza kuti mvula ikagwa bwino ndataya ndalama?" Alamu anga adayankha kuti, "Inde amayi, mvula ikagwa bwino zaka ziwiri zotsatizana jenereta siibweza, tidzaigulitsa motsika. Koma ikavuta ngati 2024, popanda jenereta tizitaya K45,000 mwezi uliwonse." Amayi adasaina, koma adalemba pambali ndi dzanja lawo kuti buku la maola ndi malisiti a dizilo azibwera nazo pa 5 mwezi uliwonse. Mwezi woyamba bukulo lidaonetsa malita awiri ndi theka pa ola m'malo mwa awiri, ndipo alamu anga adabweranso Loweruka lina kuti tiwerenge kachiwiri: dizilo K11,250, chotsala K7,750, miyezi pafupifupi 19.